Mizere pamimba, kuyabwa usiku ndi kuda kumaso: ndi mimba yokha kapena pali china?

Nachisale: Mwaswera bwanji amayi anzanga. Ndili ndi masabata 30, mimba yoyamba. Kunsi kwa mchombo ndi m'mbali mwa chiuno mwatuluka mizere yakuda mofiirira, ndipo ikuyabwa koopsa makamaka ndikavula chitenje madzulo. Kumasonso kwada, masaya onse awiri ndi pamphumi, moti anzanga kumsika ku Limbe akundifunsa ngati ndapsa ndi mafuta. Mlamu wanga wandipatsa kachubu kena akuti kamachotsa zonsezi m'sabata imodzi. Sindinayambe kudzola. Ndidzole?

Anaphiri: Kuda kumasoko ndiye kuti ndi mwamuna ameneyo mwanangu, konzekerani zovala za buluu. Ine ana anga aamuna onse atatu ndinada ngati chikuni. Ndipo musamakande pamimbapo, zikhadabo ndi zimene zimalemba mizereyo.

Make mapasa: Anaphiri, ine ndinada kuposa inuyo mwina, koma ndinachira atsikana awiri kkkk

Nangozo: Achemwali vuto munachedwa kuyamba mafuta. Mafuta a koko kapena a olivi ukayamba mwezi wachiwiri m'mawa ndi madzulo mizere siituluka. Ine ana awiri mimba yanga ilibe mzere ngakhale umodzi. Kachubuko kasiyeni kaye, zambiri zoterozo ndi zoyeretsa khungu.

Mzamba wa ku Chilomoni: Nachisale mwanangu, kachubuko musadzole kaye, pamenepo Nangozo wanena zoona. Mundijambulire mbali imene alemba zimene zili m'katimo. Koma ndisanafike ku nkhope ndikufuna kumva za kuyabwako, chifukwa pa zinthu zitatu mwatchulazi, ndi kuyabwa kokha kumene nthawi zina kumakhudza mwana. Kukuyabwa pati penipeni? Pamimba pokha, kapena ndi m'manja ndi kumapazi komwe? Pali tiziphuphu kapena matuza? Kunyumba kuli wina amene akukandanso?

Nachisale: Pamimba pokha amayi, ndi m'mbali mwa mawere pang'ono. M'manja ayi. Tiziphuphu palibe, khungu langouma ndipo likunyezimira. Abambo akunyumba sakukanda. Chithunzi cha kachubu ndatumiza.

Mzamba wa ku Chilomoni: Ndaona. Mmenemo muli kilobetazo ndi haidirokwinoni. Kabwezeni kwa alamu anuwo mwaulemu. Kilobetazo ndi mankhwala amphamvu kwambiri a gulu la masiteroidi, amene dokotala amalembera matenda ena a khungu kwa masiku owerengeka. Ukamadzola tsiku ndi tsiku khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ndipo iwo omwewo amabweretsa mizere, ikuluikulu kuposa ya mimba, mpaka m'khwapa ndi m'ntchafu. Ndiye mankhwala akupatsaniwo angakuwonjezereni chimene mukuthawacho. Haidirokwinoni amalowa m'thupi kudzera pakhungu mochuluka ndithu, nchifukwa chake woyembekezera timamuletsa. Komanso amene amadzola zaka zambiri amadzada masaya mwa mtundu wina, kuda kobiriwira kosachoka. Mumawaona amayi ena m'tauni muno, nkhope yoyera koma m'masaya muli bii.

Kuyabwa kwanuko monga mwafotokozera ndi kwa khungu lokokeka ndi louma, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno kukuwonjezera. Sambani madzi ofunda pang'ono kapena ozizira, osati otentha. Sopo wochapira zovala ndi sopo wa mankhwala uja musiyeni, amaumitsa khungu. Mwala wotsukira ndi chinkhupule cholimba zisafike pamimba. Mukangotuluka m'bafa, thupi lisanaumiretu, dzolani vasilini kapena gilisalini wosakaniza ndi madzi pang'ono. Chitenje musamange mothina pomwe pali mizerepo, ndipo zovala za nayiloni zipumeko. Usiku kukavuta ikani kansalu konyowa pamimba, kapena kalamayini.

Nangozo: Ndiye mwavomereza kuti mafuta amathandiza amayi.

Mzamba wa ku Chilomoni: Amathandiza kuyabwa, eya. Kuletsa mizere ayi. Mizere siyambira pamwamba pomwe mafuta amafika. Kunsi kwa khungu kuli timinyewa tokhala ngati lasitiki ya m'chiuno mwa siketi. Mahomoni a mimba amatifewetsa, mimba nkumakula msanga m'miyezi itatu yomaliza, tina nkuduka. Mzere umene mukuonawo ndi chipsera cha m'kati. Mafuta a koko ndi a olivi anayesedwa pa amayi oyembekezera, ena odzola ena osadzola, mizere inatuluka chimodzimodzi. Chimene chimalamula kwambiri ndi mtundu wa kwanu, msinkhu, ndi kukula kwa mimba. Atsikana achichepere imawatuluka kwambiri kuposa amene ayamba uchembere atakula. Mwana wamkulu, mapasa, kapena kunenepa mofulumira zimawonjezera. Nangozo, mukafunse mayi anu ngati ali nayo.

Nangozo: Mayi anga alibe, koma iwonso ankadzola nsatsi. Ine ndikhulupirirabe mafuta anga.

Make mapasa: Ine ndinathera ndalama pa mabotolo atatu osiyana, mimba yanga pano ili ngati mapu. Mkulu wanga sanadzolepo kanthu, alinso chimodzimodzi. Ife kwathu ndi a mizere basi.

Anaphiri: Nanga zokandazo? Ife anatilangiza choncho.

Mzamba wa ku Chilomoni: Anaphiri, akuluakulu anaona bwino koma anatembenuza. Pamene khungu likung'ambika m'kati pamayabwa, munthu nkukanda, mawa lake mzere nkuonekera pomwepo. Ndiye zimaoneka ngati chala ndicho chalemba, pamene mzerewo unali kale m'njira. Kukanda ndimaletsabe, koma chifukwa cha zilonda. Pakhungu lathu lakudali bala lililonse likapola limasiya banga lakuda limene limatenga miyezi. Wengani zikhadabo.

Nachisale: Ndiye mizereyi sidzachoka?

Mzamba wa ku Chilomoni: Kuchokeratu ayi, ndisakunamizeni. Koma mmene ikuonekera panomu si mmene idzakhalire. Mukachira, pakatha miyezi 6 mpaka chaka imazilala, imasanduka yotuwa mopepuka, yopyapyala, ndipo siyabwanso. Kumanga mimba ndi chitenje mukachira sikuichotsa. Pali mafuta ena a gulu la retino amene amaichepetsako ikadali yatsopano, koma amenewo ndi oletsedwa pa mimba chifukwa angathe kuvulaza mwana. Wina akakugulitsani botolo lolembedwa choncho, lidikire mpaka mudzachire ndipo mudzafunse kaye kuchipatala.

Abambo a kwa Kachere: Pepani amayi, ndikulemba pa foni ya akazi anga. Kuyabwa kumeneko ndi mphere. Kwathu tonse tinakanda chaka chatha mpaka ana. Mugule mankhwala oyera odzola thupi lonse aja, muchape zofunda ndi madzi otentha, muyanike padzuwa. Zimatha.

Make mapasa: Abambo mwalowa m'chikuta kkkk. Awa ati amuna awo sakukanda.

Mzamba wa ku Chilomoni: Musawaseke, nchifukwa chake ndinafunsa za apanyumba. Mphere imagwiranso oyembekezera. Imakonda pakati pa zala, m'mikono polumikizira dzanja, m'khwapa, m'chiuno, ndipo pamakhala tiziphuphu, ena m'nyumba nkumakandanso. Za Nachisale sizikufanana nazo. Abambo, moni kwa amayi.

Make mapasa: Ine yanga inali ina. Mwezi wa 8 m'mizere momwemo munatuluka zidzolo zotupa, zinafalikira m'ntchafu ndi m'matako, koma pamchombo penipeni panali posalala. Sindinkagona. Kusikelo anandipatsa piritoni ndi kamafuta kodzola, anati ana alibe vuto. Nditachira sabata ziwiri zonse zinapita.

Mzamba wa ku Chilomoni: Chimenecho chimadziwika, chimakonda mimba yoyamba ndi ya mapasa, kumapeto. Chimazunza mayi koma mwana sichimukhudza. Mwatchula chinthu chofunika, kuti pamchombo panalibe. Zidzolo zikayambira pamchombo penipeni nkumasanduka matuza a madzi, imeneyo ndi nthenda ina yosowa, yofunika dokotala aione msanga. Kamafuta anakupatsaniko mwina kanali haidirokotizoni, siteroidi wofatsa amene timalola kwa masiku ochepa. Asakusokonezeni ndi wa m'kachubu ka Nachisale, mphamvu zake ndi zotalikirana kwambiri.

Nabanda: Ndakhala ndikungowerenga. Amayi, funso munafunsa lija la m'manja landiopsa. Ine ndili ndi masabata 34, mimba yachiwiri, ndimakhala ku Machinjiri. Sabata ino yonse m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi mukuyabwa ngati muli tizilombo. Masana ndimapirira, koma usiku ndimadzuka nkumakhuza mapazi pasimenti. Pakhungu palibe chilichonse, kungoti mikono ndadzikanda mpaka mabala. Ndinauza apongozi akuti ndi magazi a mwana, zidzatha.

Mzamba wa ku Chilomoni: Nabanda, mwachita bwino kulankhula. Ndiyankheni izi. Mkodzo ukuoneka bwanji? Chimbudzi chasintha mtundu? M'maso mwayera bwinobwino kapena muli chikasu, mufunse wina akuoneni pawindo masana. Mwana akusewera ngati kale? Mutu, kutupa nkhope, kupweteka pansi pa nthiti kumanja? Mwayamba mankhwala ena atsopano, a kuchipatala kapena azitsamba?

Nabanda: Mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndimayesa ndi kutentha. Chimbudzi sindinayang'ane. M'maso amuna anga akuti muli bwino. Mwana akusewera. Mutu ayi. Mankhwala ndi a magazi aja ndi fansida wa kusikelo basi. Tsiku langa la sikelo ndi sabata ya mawa Lachinayi.

Mzamba wa ku Chilomoni: Musadikire Lachinayi. Mawa m'mawa mutenge buku lanu mupite. Ndipo mwana akachepetsa kusewera usiku uno, kapena mukaona madzi, magazi kapena kupweteka kwa mimba, mupite usiku womwewo.

Ndikuuzeni chimene ndikuganiza, ngakhale pafoni sindingathe kutsimikiza. Chiwindi chimapanga ndulu, ndipo ndulu imayenera kutsikira m'matumbo. Mwa amayi ena, mahomoni a kumapeto kwa mimba amachedwetsa kuyenda kwa nduluyo, ndiye michere yake imabwerera m'magazi. Ikafika pakhungu imayabwa popanda chotuluka chilichonse, makamaka m'zikhatho ndi kumapazi, makamaka usiku. Mkodzo umada, chimbudzi nthawi zina chimatuwa. Chikasu m'maso chimabwera mwa ochepa okha, ndiye kusakhalapo kwake kusakutonthozeni. Kwa inu mayi ndi chizunzo chabe chimene chimatha mukachira. Nkhawa ili pa mwana, chifukwa michereyo imawolokera kwa iye. Ikakwera kwambiri mwana angabadwe masiku asanakwane, angachite chimbudzi ali m'mimba, ndipo nthawi zina, osati kawirikawiri, amatha kufera m'mimba mosachenjeza. Ambiri amabadwa bwinobwino akamawayang'anira.

Nabanda: Mayo ine. Ndikanene chiyani kuti asangondipatsa piritoni nkundibweza?

Mzamba wa ku Chilomoni: Musakanene kuti thupi likuyabwa, chifukwa aliyense pamzerepo likumuyabwa. Mukanene motere: m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi mukuyabwa usiku kwa sabata, palibe zidzolo, mkodzo wada, ndili ndi masabata 34, ndikupempha kuyezedwa magazi a chiwindi. Akakhala kuti pamenepo sayeza, apempheni kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Gulupu. Kuyeza kwenikweni ndi kwa michere ya ndulu, koma sikupezeka paliponse, ndiye kawirikawiri amayamba ndi magazi a chiwindi wamba. Akayezenso kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo, chifukwa matenda a kuthamanga kwa magazi pa mimba nawonso amavulaza chiwindi. Aonenso m'buku ngati munayezedwa matenda a chiwindi a mtundu wa B.

Anaphiri: Ife kale tinkangomwa madzi ambiri ndi kusamba nimu. Achinyamata inu chilichonse chipatala.

Make mapasa: Anaphiri, nanga ana ankapitirira aja tinkadziwa chimene chawatenga?

Nangozo: Nabanda pakadali pano dzolani aloe vera wa pakhomo, amaziziritsa.

Mzamba wa ku Chilomoni: Kudzola pakhungu palibe vuto, koma asamwe, ndipo chilichonse cha zitsamba chomwa achisiye, chiwindi chili kale pa ntchito yolemetsa. Kuzizirako kusamunyenge kuti wachira. Ndionjezere za fansida poti watchulidwa. Fansida ndi bakitirimu mwa anthu ena zimatulutsa zidzolo thupi lonse. Zikabwera ndi zilonda m'kamwa, maso ofiira kapena kutentha thupi, osamwanso, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Koma Nabanda alibe zidzolo, ndiye asasiye mankhwala ake payekha.

Nachisale: Nabanda tikupemphererani achemwali. Amayi, za nkhope yanga ija musaiwale.

Mzamba wa ku Chilomoni: Sindinaiwale. Mahomoni omwewo amadzutsa timaselo topanga mtundu wa khungu. Nchifukwa chake nsonga za mawere zimada, m'khwapa ndi m'khosi mumada, ndipo pamimba pamatuluka mzere wowongoka wochokera kumchombo kutsika. Mzere umenewo ndi wosiyana ndi ija yong'ambika, suyabwa, ndipo umazilala wokha miyezi ingapo mukachira. Za mwamuna kapena mkazi sunena kanthu.

Kumaso nkhani ndi dzuwa. Mahomoni amakonzekeretsa khungu, dzuwa ndi limene limadetsa, nchifukwa chake kumada masaya, mphumi, pamphuno ndi pamwamba pa mlomo, mbali zonse ziwiri mofanana. Inu mumakhala pa benchi kumsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye mankhwala anu oyamba ndi mthunzi. Ambulera yaikulu pa benchipo, ndi chipewa cha khonde lalikulu, chifukwa duku limaphimba tsitsi koma masaya amakhala pamtunda. Mukakwanitsa, gulani ku famase mafuta oteteza ku dzuwa a nambala 30 kapena kuposa, mudzole m'mawa ndi kubwereza masana poti thukuta limachotsa.

Nachisale: Si a anzathu achialubino okha amenewo? Komanso mtengo wake mayo.

Mzamba wa ku Chilomoni: Ndi a aliyense, kungoti iwo amawafuna koposa. Inu mukudzola nkhope yokha, botolo limakhalitsa. Ndalama zikavuta, chipewa ndi ambulera zikugwirirani ntchito yaikulu. Chimene ndikukanizani ndi kukhula. Mandimu, soda, mankhwala otsukira mano, shuga wokhulira, zonsezi zimapsereza khungu, ndipo khungu lathu likapsa limayankha ndi kuda kwambiri.

Nangozo: Mandimu ine anandiyeretsa ndithu mawanga.

Make mapasa: Munadzola liti?

Nangozo: Mwana ali ndi miyezi inayi.

Make mapasa: Nthawi imeneyo anali akuchoka okha achemwali.

Nangozo: Kaya. Aliyense ndi khungu lake.

Mzamba wa ku Chilomoni: Mwa amayi ambiri zimazilala m'chaka choyamba atachira. Mwa ena zimatsalako, ndipo zimabwerera pa mimba yotsatira kapena akayamba mapiritsi olera a mahomoni awiri aja. Ndiye Nachisale, podzasankha njira yolera mudzawauze kuti munada kumaso. Zikadzakhalapobe mutasiya kuyamwitsa, ku chipatala cha khungu kuli mankhwala oyenera amene amapereka moyeza ndi kwa nthawi yochepa. Chimodzi chokha: banga limene lili mbali imodzi, kapena kachiphuphu kakuda kamene kakukula, kusintha maonekedwe kapena kutuluka magazi, chimenecho musachiike pa mimba, kachionetseni.

Nabanda: Ndabwerako amayi. Dzulo ndinanena monga munandiuzira, anandipatsa kalata, lero ndinali ku Gulupu. Kuthamanga kwa magazi kuli bwino, mtima wa mwana amvera uli bwino, anandiunikanso. Magazi a chiwindi akuti akwera pang'ono. Andipatsa piritoni wa usiku ndi mafuta odzola, ndipo ndibwerere sabata ya mawa akayezenso. Adokotala akuti mwina sadzadikira kuti ndifike masabata 40, adzayambitsa matenda msanga, koma tsiku adzanena akaona zotsatira zinazo. Apongozi akukana, akuti mwana azibwera yekha nthawi yake.

Anaphiri: Apongozi anuwo ndikuwamvetsa. Mwana wosakhwima amavutanso kulera.

Mzamba wa ku Chilomoni: Anaphiri simunaname, ndipo ndi chimene madokotala akuyeza pa sikelo yawo: kuopsa kotulutsa mwana msanga ndi kuopsa komusiya m'kati. Nchifukwa chake tsiku silikhala limodzi kwa aliyense. Magazi akakwera pang'ono amatha kudikira mpaka cha m'masabata 38 kapena 39, akakwera kwambiri amachita changu, ngakhale pa 36. Nabanda, kuyeza kobwerezako musakuphonye ngakhale kuyabwa kutachepa, chifukwa piritoni amangokugonetsani, chiwindi sachikonza, ndipo magazi amatha kusintha m'sabata imodzi. Enanso amene mukuwerenga, magazi oyamba akatuluka abwino koma m'zikhatho mukuyabwabe, mukayezetsenso, poti kuyabwa kumatha kutsogola magazi asanaonetse. Pali mankhwala ena a ndulu amene madokotala amapereka, amachepetsako kuyabwa mwa ena, koma musawatenge ngati chitetezo cha mwana. Mukachira kuyabwa kumatha m'masiku ochepa, mudzayezetsenso magazi pa sikelo ya masabata 6, ndipo pa mimba ina mudzanene msanga poti vutoli limakonda kubwerera.

Nabanda: Nanga apongoziwa ndiwatani? Amuna anga ali pakati, sakuyankha.

Make mapasa: Atengeni onse awiri tsiku lobwereralo akamve okha kwa adokotala. Inu mukawauza adzati mwawerenga pafoni.

Nabanda: Amuna anga avomera kupempha tchuthi Lachitatu. Apongozi akuti aona. Funso lina amayi, piritoniyu ndikamwa ndikumadzuka mutu uli wolemera, nditha kumwa theka?

Mzamba wa ku Chilomoni: Mutha kumwa theka, kapena kumwa msanga cha m'ma 7 madzulo m'malo modikira pogona. Lachitatu mukawauze kuti akukulemetsani mutu. Nachisale, kachubu kaja kabwerera?

Nachisale: Kabwerera, koma alamu akwiya, akuti anagula modula. Akuti adzola okha.